Phiri silipereka magazi, limangoitanitsa

Mukamamvera mipikisano ya liwiro la mtunda wautali pa wailesi, mayina amene amamveka patsogolo amakhala a ku Kenya ndi ku Ethiopia. Anthu akafunsana chifukwa chake, yankho limabwera msanga: "Amakhala kumapiri, ali ndi magazi ambiri." Yankho limeneli lili ndi choonadi mkati mwake, koma ambiri amalimva molakwika, ngati kuti mphepo ya kuphiri ndi mankhwala oti munthu akangoipuma magazi achuluka. Ine ndikuti phiri silipatsa munthu magazi ngakhale dontho limodzi. Limangouza thupi kuti lipange magazi ena, ndipo thupi limamvera ngati lili ndi zopangira. Ngati lilibe, phiri lomwelo limamufooketsa munthu. Muli ndi mwana wokonda kuthamanga kusukulu? Kapena munauzidwapo kusikelo kuti magazi anu ndi ochepa? Nkhaniyi ikukukhudzani.

Tiyambire ku Iten, tauni yaing'ono ya ku Kenya imene othamanga ochokera m'mayiko ambiri amapitako kukachita zokonzekera. Ili pamtunda wa mamita pafupifupi 2,400 kuchokera pamene pali nyanja yaikulu yamchere. Kuti muone kutalika kwake, Nsanje ili pansi pa mamita 100, Lilongwe ili cha pa 1,050, tauni ya Dedza cha pa 1,600, ndipo nsonga ya Sapitwa pa phiri la Mulanje ili pa 3,002. Eliud Kipchoge, amene mu 2019 anathamanga makilomita 42 m'maola osakwana awiri mumzinda wa Vienna, amakonzekerera ku Kaptagat, dera lokwera ngati Iten yomweyo.

Ambiri amati kumapiri kulibe mpweya wa okosijeni wokwanira. Kunena molondola, gawo la okosijeni mumpweya silisintha: ndi magawo 21 pa 100 alionse, kaya muli ku Nsanje kaya ku Iten. Chimene chimasintha ndi kupanikizika kwa mpweyawo. Kuchigwa mpweya ndi wothithikana chifukwa pamwamba pake pali mpweya wina wambiri wouponda. Mukamakwera, wopondawo umachepa ndipo mpweya umamwazikana. Ku Iten kupanikizika kwake ndi pafupifupi magawo atatu mwa anayi a kunyanja yamchere. Ndiye munthu akakoka mpweya kudzaza mapapo, muyeso ndi womwewo koma okosijeni amene walowa ndi wochepa, komanso mphamvu yomukankhira m'magazi yachepa. Kachipangizo kamene timapanitsa pachala kuchipatala kaja kamaonetsa zimenezi. Munthu wabwinobwino kuchigwa amawerenga 97 mpaka 99. Yemweyo akangofika pa mamita 2,400 amatsika, mwina 92 mpaka 95 ali chikhalire, ndipo akagona kapena akathamanga amatsikanso kuposa pamenepo.

Amene amazindikira vutoli n'kuitanitsa magazi ena si mtima, si mapapo, koma impso. Anthu ambiri amazidziwa impso ngati zosefa mkodzo basi, koma zili ndi ntchito ina: zimayesa okosijeni amene akubwera ndi magazi. Zikaona kuti wachepa zimatulutsa uthenga wotchedwa eritiropoyetini, umene mwachidule amaulemba EPO. Uthengawu umayenda ndi magazi mpaka kumafuta a m'kati mwa mafupa, kumene maselo ofiira a magazi amapangidwira, n'kukauza kuti ntchito ifulumire. Ichi n'chifukwa chake anthu odwala impso kwa nthawi yaitali amakhalanso ndi vuto la kuchepa kwa magazi: wotumiza uthenga wafooka.

M'maselo ofiirawo muli himogulobini, chinthu chimene chimanyamula okosijeni, chomwe m'buku lanu la kuchipatala timalemba kuti Hb. Ganizirani ngolo zotuta chimanga kumunda. Ngati ngolo iliyonse ikubwera yosadzaza, njira yoti chimanga chokwanira chifike pakhomo ndi kuwonjezera ngolo. Thupi nalo kuphiri limawonjezera ngolo. Phindu la wothamanga limaoneka akatsikira kuchigwa: ngolo zachuluka, ndipo tsopano iliyonse ikudzaza.

Kuti timvetse nthawi ndi muyeso wake, tiyerekeze mtsikana wa zaka 19 wa ku Nsanje, wolemera makilogalamu 52, wothamanga bwino, amene wapeza mwayi wokakhala ku Iten milungu itatu. Ponyamuka amuyeza, Hb yake ndi 13.0. Himogulobini yense wa m'thupi mwake, titamuika pa sikelo, angakwane pafupifupi magalamu 600.

Masiku awiri kapena atatu oyamba sakhala osangalatsa. Amapuma pafupipafupi, mtima umagunda mofulumira ngakhale atakhala pansi, tulo timadukaduka, mwina kamutu kamawawa, ndipo amakodza kawirikawiri. Nthawi yomweyi EPO imakwera kwambiri m'magazi mwake, kenaka imayamba kutsika pang'onopang'ono. Mukamuyeza pa tsiku lachisanu, makina akhoza kuwerenga 13.8 kapena 14. Apa ndi pamene anthu amanamizika, n'kumati taonani, masiku asanu okha magazi akwera. Ayi, sanakwere. Magazi ali ndi mbali ziwiri, maselo ndi madzi amene maselowo amayandamamo. M'masiku oyamba thupi limachepetsa madziwo, mwina ndi gawo limodzi mwa magawo khumi. Makina athu amawerenga kuchuluka kwa himogulobini mu muyeso umodzi wa magazi, osati wa m'thupi lonse. Phala likauma madzi pamoto limalimba, koma ufa sunawonjezereke. Mtsikanayu atabwerera kwawo tsiku limenelo, madzi aja angabwerere m'masiku ochepa ndipo Hb ingakhalenso 13.0.

Maselo atsopano enieni amatenga nthawi. Kuchokera pamene uthenga wafika m'mafupa mpaka maselo aang'ono kuyamba kuoneka m'magazi pamapita masiku angapo, ndipo kuti achuluke moti n'kusintha kanthu pamafunika milungu. Ofufuza za masewero apeza kuti himogulobini wa thupi lonse amakwera ndi pafupifupi gawo limodzi pa 100 pa maola 100 alionse amene munthu wakhala pamalo okwera chonchi. Milungu itatu ndi maola pafupifupi 500. Ngati zonse zayenda bwino, mtsikana wathu akhoza kuwonjezera magawo 4 kapena 5 pa 100. Titenge 5: pa magalamu 600 aja, awonjezera magalamu 30.

Magalamu 30 akumveka ochepa, koma galamu iliyonse ya himogulobini imanyamula okosijeni wokwana mamililita 1.34. Ndiye kuti magazi ake akazungulira thupi kamodzi, anyamula mamililita 40 oonjezera. Munthu akamathamanga mwamphamvu magazi ake onse amazungulira kanayi kapena kasanu pa mphindi imodzi, ndipo mpikisano wa makilomita 10 umatenga mphindi zoposa 30. Minofu ya miyendo ikamalandira kowonjezera kameneka ulendo uliwonse, imachedwa kutopa. N'chifukwa chake phinduli ndi la othamanga mtunda wautali. Wa mamita 100 amamaliza mpikisano wake okosijeni wa m'magazi asanakhale nkhani.

Tsopano nayi mbali imene ine ndimaiona kuti ndi yaikulu, ngakhale pa wailesi siitchulidwa. Himogulobini sapangidwa ndi mpweya. Amapangidwa ndi ayironi, mchere uja timaunena tsiku ndi tsiku kusikelo. Galamu iliyonse ya himogulobini imafuna mamiligalamu 3.4 a ayironi. Magalamu 30 aja akufuna mamiligalamu pafupifupi 100, m'masiku 21, kutanthauza mamiligalamu 5 pa tsiku pamwamba pa zimene thupi limafuna kale. Koma pa chakudya cha tsiku lonse, matumbo amayamwa miligalamu imodzi kapena awiri basi, ndipo ameneyo amangobwezera amene watayika. Ndiye wotsalayo achokera kuti? M'nkhokwe. Thupi limasunga ayironi, makamaka m'chiwindi, ndipo nkhokwe imeneyi imayezedwa ndi muyeso wina wotchedwa feritini. Madokotala a othamanga amayeza feritini milungu ingapo ulendo wa kuphiri usanachitike, ndipo akapeza kuti ili pansi, cha m'ma 30 kutsika, amayamba kaye adzaza nkhokwe ndi mapiritsi.

Tiyerekezenso mnzake wa mtsikana uja, wa msinkhu womwewo, amene apitira limodzi. Iyeyu amataya magazi ambiri akakhala kumwezi, anadwala malungo mwezi watha, ndipo ndiwo zake masiku ambiri ndi masamba okhaokha. Hb yake ndi 11.2, nkhokwe ilibe kanthu. Impso zake zidzatumiza uthenga mofanana ndi za mnzake, mafupa adzaumva, koma zopangira palibe. Iyeyu wanyamula mavuto awiri nthawi imodzi: ngolo zake n'zochepa kale, ndipo kuphiriko zikubwera zosadzaza. Mungamuzindikire chonchi. Mlungu woyamba ukatha mnzake amayamba kupepukidwa, koma iye kugunda kwa mtima kwa m'mawa asanadzuke kumakhalabe pamwamba. Mtunda umene ankautha mosavuta kwawo ukumulemera tsiku ndi tsiku. Amachita chizungulire akaimirira, zikhatho ndi m'kati mwa zikope mwayera, ndipo mwina wayamba kulakalaka kudya dothi. Aphunzitsi osadziwa amati ndi ulesi n'kumuwonjezera mtunda. Amabwerera kumudzi ali wofooka kuposa mmene anapitira.

Ndiye kwa inu amayi amene mwana wanu akupambana mipikisano ya kusukulu, ine ndinganene kuti nkhani ya phiri ibwere pambuyo. Wothamanga amene wachoka pa Hb ya 11 kufika pa 13 chifukwa chochizidwa wawonjezera pafupifupi magawo 18 pa 100, kuposa katatu zimene Iten ingamupatse m'milungu itatu, ndipo sanalipire basi. Zimene zimaba magazi kwathu kuno mukuzidziwa: malungo, njoka za m'mimba, likodzo kwa ana osamba m'nyanja ndi m'madambo, ndi kutaya magazi ambiri kumwezi. Zonsezi zimachizika kuchipatala chapafupi. Pa chakudya, ayironi amene thupi limayamwa mosavuta ali mu chiwindi, nyama, ndi nsomba zodya zathunthu monga usipa ndi matemba. Wa mu nyemba, nandolo, bonongwe ndi khwanya amayamwika movutirapo, koma amathandizidwa ndi zipatso monga gwafa, malalanje kapena malambe mukadyera limodzi. Tiyi amatchinga ayironi wa m'masamba ndi nyemba, choncho ndi bwino kumwa patapita ola limodzi mutadya. Koma mapiritsi a ayironi musamangomugulira mwana osayezetsa. Thupi lilibe njira yotayira ayironi wopitirira muyeso, ndipo kwa mwana wamng'ono amene wawapeza n'kumeza ambiri, mapiritsi amenewa ndi poizoni.

Ngakhale kwa amene nkhokwe yake ndi yodzaza, phiri lili ndi mtengo wake. Pamene okosijeni ndi wochepa munthu sangathamange liwiro limene amathamanga kuchigwa. Akakhala milungu ingapo akuthamanga pang'onopang'ono, magazi amakwera koma miyendo imaiwala liwiro. Mu 1997 ofufuza awiri a ku America, Benjamin Levine ndi James Stray-Gundersen, anafalitsa zotsatira za kafukufuku amene anayesa zimenezi. Anagawa othamanga m'magulu atatu kwa milungu inayi. Gulu loyamba linkagona ndi kuthamanga pa mamita 2,500. Lachiwiri linkagona pa 2,500 koma n'kumatsikira pa 1,250 kukathamanga. Lachitatu linatsala kuchigwa. Magulu awiri ogona kumtunda onse anawonjezera maselo ofiira, koma pa mpikisano wa mamita 5,000 atabwerera kunsi, amene anafupikitsa nthawi moonekeratu ndi a gulu lachiwiri lija, ndi masekondi pafupifupi 13. Apa ndi pamene panachokera njira yogona kumtunda n'kumathamangira kunsi, imene ambiri amaitsatira lero. Taonaninso kukula kwa phindulo: masekondi 13 pa mpikisano wa mphindi zoposa 15. Kwa katswiri, masekondi amenewa amasiyanitsa wolandira mendulo ndi wobwerera chimanjamanja. Kwa mwana amene sanayambe kukonzekera mwadongosolo, miyezi iwiri yothamanga bwino pabwalo la sukulu imamupatsa zoposa pamenepo.

Phinduli silikhalitsanso. Selo lofiira limakhala masiku pafupifupi 120, koma munthu akatsikira kuchigwa impso zimaona kuti okosijeni wachuluka, zimachepetsa EPO, ndipo pakatha milungu iwiri mpaka inayi zambiri zimene anawonjezera zimakhala zatha. Othamanga a ku Ulaya amawerengera masiku kuti atsike mpikisano utayandikira, ndipo amabwereranso kuphiri kangapo pa chaka.

Nanga a ku Kenya eni ake, amene anabadwira komweko? Apa ndi pamene mawu oti "ali ndi magazi ambiri" amagwa mphwayi. Ofufuza atayeza himogulobini wa thupi lonse wa akatswiri a ku Kenya n'kuyerekeza ndi wa akatswiri a ku Germany, molingana ndi kulemera kwa thupi, anapeza kuti sakusiyana kwenikweni. Chimene chimaoneka kawirikawiri mwa a ku Kenya n'choti amagwiritsa ntchito okosijeni wochepa pa liwiro lomwelo, ngati galimoto yosamwa mafuta. Matupi awo ndi opepuka, akatumba a m'munsi mwa miyendo ndi oonda, ambiri anakula akuyenda ndi kuthamanga mitunda italiitali, ndipo amakonzekera m'magulu akuluakulu kwa zaka zambiri, akudziwa kuti liwiro likhoza kudyetsa banja. Chakudya chawo si chachilendo kwa ife: ugali, yomwe ndi nsima yathu yomweyi, masamba, nyemba ndi mkaka. Phiri limathandiza, sindikukana. Pa Olimpiki ya 1968 ku Mexico City, mzinda wa pa mamita 2,240, amene anazolowera kumtunda anaonekera poyera: Kipchoge Keino anapambana mamita 1,500, Naftali Temu mamita 10,000, ndipo Mamo Wolde wa ku Ethiopia anapambana marathoni. Koma kukhala kumtunda kukanakhala kokwanira pakokha, akatswiri akanamachokera m'mapiri onse a dziko lapansi, osati m'madera ochepa okhaokhawa.

Kwathu kuno malo okwera kufika mamita 2,000, pamene thupi la wothamanga limayankha mwamphamvu, ndi ochepa: Nyika, pamwamba pa Mulanje ndi nsonga za mapiri ena monga la Dedza ndi la Zomba. Midzi yambiri ya ku Dedza, Ntcheu ndi Mzimba ili pansi pa muyeso umenewu, koma kukwera kwake kumasinthabe magazi pang'ono, ndipo izi zimakhudza mmene timawerengera Hb yanu. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse limati mayi amene si woyembekezera ali ndi magazi ochepa ngati Hb yake ili pansi pa 12, woyembekezera pansi pa 11, bambo pansi pa 13. Manambala amenewa ndi a kuchigwa. Kwa wokhala kumtunda timayenera kuchotserapo kaye tisanaweruze. Pa tebulo la bungweli la 2011, pa mamita 1,500 timachotsa 0.5, ndipo pa 2,000 timachotsa 0.8. Malangizo a 2024 anawonjezeranso zochotserazo pa malo okwera ngati athuwa. Choncho mayi wa ku Dedza amene makina awerenga 12.3, mukachotsa 0.5 atsala ndi 11.8, ndipo ali m'gulu la ochepa magazi ngakhale nambala ikuoneka yabwino. Ngati mumakhala kumtunda, mukumva kufooka ndi kupuma mobanika pokwera chitunda, koma mwauzidwa kuti Hb ili bwino pang'ono pamwamba pa malire, funsani mwaulemu ngati kukwera kwa dera lanu kwawerengeredwa.

Pali ena amafuna phindu la phiri popanda phiri, pobayitsa jakisoni wa EPO. Jakisoniyu alipodi, ndi mankhwala a odwala impso ndi ena amene mafupa awo sakupanga magazi okwanira. M'masewero ndi woletsedwa. Jemima Sumgong wa ku Kenya, amene anapambana marathoni ya Olimpiki ya 2016, anapezeka naye mu 2017 ndipo analetsedwa kupikisana. Kuletsedwako ndi vuto laling'ono poyerekeza ndi la thupi. Kuphiri impso zimachepetsa uthenga zikaona kuti zakwana, pamene jakisoni alibe womuuza kuti basi. Maselo akachulukitsa magazi amalimba, mtima umavutika kuwapopa, ndipo akhoza kuundana m'mitsempha n'kuyambitsa sitiroko kapena kuima kwa mtima mwa mnyamata wa zaka 20. Ngakhale phiri lenilenilo likakwera kwambiri limachita zomwezo. Ku Peru, m'matauni a pamwamba pa mamita 4,000 monga Cerro de Pasco, anthu ena Hb yawo imapitirira 21, ndipo sakhala amphamvu ayi: amadwala mutu, milomo imada, amatopa msanga, ndipo chithandizo chodalirika ndi kusamukira kunsi. Wina aliyense akauza mwana wanu za "jakisoni wowonjezera mphamvu" kumasewero, mukanize.

Pomaliza, kwa amene ana awo amakwera Mulanje ndi sukulu kapena akufuna kulowa mpikisano wothamanga paphiripo. Mwana wa matenda a sikoselo asapite pamalo okwera chonchi musanalankhule ndi dokotala wake, chifukwa okosijeni akachepa maselo ake amapindika n'kutseka mitsempha, ndipo kuzizira ndi ludzu zimawonjezera vutolo. Ngakhale amene anangotengera mbewu ya matendawa kwa kholo limodzi, akamva kupweteka kwambiri kumanzere pansi pa nthiti ali pamwamba, atsike n'kupita kuchipatala, chifukwa ikhoza kukhala kapamba. Kwa wina aliyense, kamutu ndi kusowa tulo usiku woyamba zimatha ndi kupuma ndi kumwa madzi, bola asakwerenso mpaka zitasiya. Koma mutu wosamva mankhwala pamodzi ndi kusanza, kudzandira poyenda, kusokonezeka maganizo, kapena kubanika ali chikhalire, ameneyo atsitsidwe nthawi yomweyo ndi munthu womuperekeza, osadikira kuti kuche.